Fomu ya penshoni, inshulansi kapena wilu: ndalama za malemu zimatsata pepala liti?

Maliro akatha kuno ku Dedza, akubanja amakhala pansi kuwerenga zimene malemu asiya. Amatchula nyumba, njinga yamoto, mbuzi, matumba a kachewere amene sanagulitsidwe. Kenaka wina, kawirikawiri malume kapena mchimwene wa malemu, amafunsa kuti, "Nanga alamu, ndalama za kuntchito zija zibwera liti kuti tione kagawidwe kake?" Wofunsayo sikuti nthawi zonse ndi wadyera. Iye amangodziwa kuti chilichonse chimene munthu wasiya ndi chuma cha masiye, ndipo chuma cha masiye chimagawidwa pabwalo la abale. Koma malamulo a dziko lino satero. Ndalama za penshoni zili ndi njira yake, za inshulansi zili ndi yake, nyumba ndi ndalama za kubanki nazonso zili ndi yake. Munthu akhoza kulemba wilu yabwino kwambiri, koma wiluyo osakhudza ndi tambala imodzi yomwe ya penshoni yake.

Ndikufuna tiyerekeze njira zimenezi pogwiritsa ntchito banja limodzi longopeka, kuti manambala aoneke.

Tiyerekeze bambo wina woyendetsa lole pa kampani ina pa Dedza boma, kwawo ndi ku Bembeke. Malipiro ake owerengera penshoni ndi K400,000 pamwezi. Anakwatira koyamba, anabereka ana awiri amene pano ali ndi zaka 19 ndi 15, ukwatiwo unatha mu 2019. Mu 2021 anakwatira mkazi wina wa ku Lizulu ndipo ali ndi mwana wa zaka zitatu. Mayi ake ali moyo kumudzi, iye ndiye amawagulira feteleza ndi mankhwala. Pomwalira wasiya K6,200,000 m'thumba la penshoni, inshulansi ya moyo ya kuntchito, inshulansi ina ya K3,000,000 imene ankalipira yekha, nyumba pa boma, njinga yamoto, K900,000 kubanki, ndi ngongole ya K1,500,000 imene anatenga pomalizitsa nyumbayo.

Tiyambe ndi penshoni, chifukwa ndi kumene kuli ndalama zambiri, ndiponso ndi kumene anthu amapunthwa kwambiri.

Lamulo la penshoni linayamba kugwira ntchito mu 2011, ndipo linalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2023. Limakakamiza bwana kusonkha ndalama zosachepera 10 peresenti ya malipiro a wantchito, wantchitoyo n'kusonkha zosachepera 5 peresenti. Kwa bambo wathuyu ndiye kuti K60,000 imalowa m'thumba mwezi uliwonse. Lamulo lomwelo limatinso bwana amugulire wantchito inshulansi ya moyo yosachepera malipiro ake a chaka chimodzi. Miyezi 12 kuchulukitsa ndi K400,000 ikutipatsa K4,800,000. Ndalama iyi ambiri sadziwa kuti ilipo, chifukwa siioneka pa pepala la malipiro. Imagawidwa motsata fomu yomweyo ya penshoni, choncho tiiphatikize: K6,200,000 ndi K4,800,000 zikupanga K11,000,000.

Ndalama zimenezi zili m'manja mwa matrasiti, anthu kapena kampani imene lamulo laipatsa udindo wosunga thumba la penshoni. Matrasiti safunsa mwinimbumba, safunsa mfumu kuti agawe bwanji, ndipo sawerenga wilu ngati lamulo lowamanga. Amatsegula fayilo n'kuyang'ana fomu yosankha olandira, ija munthu amaisayinira masiku oyamba pantchito, nthawi zina ali chiimire pa tebulo la kalaliki. Pa fomuyi munthu amaloledwa kulemba mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, kapena m'bale wake wapafupi, ndipo ayenera kulemba gawo la aliyense. Fomuyo ikakhala yovomerezeka, matrasiti amalipira monga momwe yanenera, molunjika kwa eni akewo. Ndalamazo sizilowa m'chuma cha masiye, choncho sipafunika kalata ya khoti yoyendetsera chuma cha malemu, ndipo amene malemu anali nawo ngongole sangabwere kudzatapapo.

Tinene kuti bamboyu anakonza fomu yake mu 2022, n'kulemba mkazi wake 40 peresenti, mwana aliyense 20 peresenti. Mkaziyo alandira K4,400,000, mwana aliyense K2,200,000. Wa zaka 19 alandira yekha mu akaunti yake. Gawo la wa zaka 15 ndi la wa zaka zitatu siliperekedwa m'manja mwa munthu lonse nthawi imodzi. Lamulo limati gawo la mwana wosakwana zaka 18 lisungidwe m'dzina lake, ndipo matrasiti azitulutsa pang'onopang'ono kudzera kwa kholo kapena womulera, pa zinthu monga fizi ndi zomusamalira. Womulerayo amabweretsa kalata ya kusukulu yosonyeza fizi ya teremu, ndalama n'kutuluka. Zotsala mwanayo adzazitenga akadzakwanitsa zaka 18. Olera ana ena amadandaula nayo ndondomekoyi, amati ikuwayesa akuba. Ine ndimaiona kuti ndi chinthu chabwino koposa m'lamulo lonseli, pakuti tonse tikudziwa mwana amene ndalama za bambo ake zinagulira malata a nyumba ya wina iye ali Sitandade 6, pofika Fomu 1 fizi ilibe kochokera.

Tsopano tinene kuti bamboyu sanakonze kanthu. Fomu imene ili mu fayilo ndi ya 2016, pamene analemba mkazi woyamba 50 peresenti ndi ana awiri aja 25 peresenti aliyense. Apa anthu ambiri amaganiza kuti mkazi woyambayo ndiye watola chikwama. Ayi. Lamulo la penshoni limati fomu imafa munthu akasudzulana ndi mnzake, imafanso akakwatira pambuyo poilemba. Fomu ya 2016 inatha mphamvu mu 2019, ndipo bamboyu wakhala zaka zonsezi ngati munthu amene sanalembepo fomu. Zikatero ndalama sizigwerabe m'chuma cha masiye. Zimakhala kwa matrasiti, ndipo iwo ndiwo amafufuza kuti ndani ankadalira malemu pa chuma pa nthawi ya imfa, n'kugawa m'magawo amene iwo aona kuti ndi oyenera.

Kufufuza kumeneku ndi kumene kumadya nthawi. Matrasiti amafuna umboni wa ukwati wachiwiri. Ukwati wa pachikhalidwe, wa ankhoswe, ndi ukwati ndithu pamaso pa lamulo la maukwati la 2015, koma ngati palibe pepala, mayi wamasiye ayenera kuyenda kukafuna ankhoswe ndi kalata ya mfumu. Amafunanso zikalata za kubadwa kwa ana, ndi umboni woti mayi a ku Bembeke aja ankadaliradi mwana wawo. Pakatulukira mwana wina wa kumbali, nayenso ayenera kumvedwa. Wa zaka 19 uja akhoza kupeza gawo lochepa ngati zaoneka kuti anayamba kudziimira payekha. Mwina kagawidweko kadzakhala kachilungamo, koma si bambo amene agawa, ndipo pa miyezi yonse yofufuzayo mwana wa zaka 15 akufunika fizi.

Pali chizolowezi china chimene ndimachitsutsa poyera. Bambo amalemba mchimwene wake 100 peresenti, ati ndiye adzalere ana. Kuno kwathu, kumene malume ndi mwinimbumba ali ndi ulemu waukulu, maganizo amenewa amamveka anzeru. Koma pa pepala ndalamayo imakhala ya mchimweneyo, si ya ana. Akadwala, akakhala ndi ngongole zake, kapena mkazi wake akakhala ndi maganizo ena, ana aja alibe pogwira. Ngati cholinga ndi ana, lembani mayina a anawo, ngakhale wakhanda. Chitetezo cha zaka 18 chija chimagwira ntchito pokhapokha dzina la mwana lili pa fomu, kapena matrasiti akamupatsa gawo m'dzina lake.

Aphunzitsi, anamwino ndi ena ogwira ntchito m'boma afunse kaye kuti ali mbali iti. Amene analowa m'thumba latsopano la penshoni ya ogwira ntchito m'boma, limene linayamba mu 2017, amayenda njira ya fomu ndi matrasiti. Amene anatsala pa ndondomeko yakale, ndalama zawo za imfa zimakonzedwa kudzera ku unduna wawo, ndipo abale amakazilondola kwa Disi kapena ku ofesi ya Adiminisitireta Jenerale, mkulu wa boma woyendetsa chuma cha masiye. Munthu wa ndondomeko yakale asatenge zonse zimene ndanena pamwambapa ngati zake.

Inshulansi imene munthu anagula yekha ndi nkhani ina. Uwu ndi mgwirizano pakati pa iye ndi kampani, ndipo chimene chimalamula ndi chikalata cha mgwirizanowo. Bambo wathu analembapo mayi ake. Akamwalira, mayiwo amapita ndi chikalata cha imfa, chiphaso chawo cha unzika ndi fomu yopemphera ndalama, kampani n'kulipira K3,000,000 kwa iwo. Mkazi wamasiye akhoza kuwawidwa mtima, malume akhoza kunena kuti ndalamayo ibwere pakati, koma kampani imalipira dzina limene lalembedwa. Ubwino wa njira iyi ndi liwiro, komanso ufulu wothandiza munthu mmodzi amene mukudziwa kuti pa bwalo la abale mawu ake sangamveke. Nkhalamba ya ku Bembeke singalimbane ndi mpongozi wake pa nkhani ya nyumba ya pa boma, koma K3,000,000 yolembedwa m'dzina lake palibe angaikanize.

Njira iyi ili ndi maenje ake. Musaganize kuti dzina la pa inshulansi yanu limafufutika lokha ukwati ukatha monga zimakhalira ndi fomu ya penshoni. Ngati munalemba mkazi woyamba ndipo simukufunanso kuti alandire, pitani mukasinthe molemba, ndipo mutenge pepala lotsimikiza kuti asintha. Komanso wolembedwayo akamwalira inu musanamwalire, n'kusalembapo wina, kapena ngati malo a dzina anasiyidwa opanda kanthu, kampani ilibe womupatsa. Imadikira munthu wobwera ndi kalata ya khoti, ndipo K3,000,000 ija imasanduka chuma cha masiye. Ngati munapereka chikalata cha inshulansi ngati chikole cha ngongole kubanki, banki ndiyo imayamba kutenga zake, olembedwa aja n'kulandira zotsala. Ndipo ngati munasiya kulipira mwezi ndi mwezi mpaka mgwirizano unatha mphamvu, dzina lingalembedwe bwino chotani, mwina sipadzapezeka choti alandire.

Tsopano chuma cha masiye chenicheni. Kwa bambo wathu ndi nyumba, njinga yamoto ndi K900,000 ya kubanki. Izi zimayendera lamulo la chuma cha masiye la 2011, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la 1967. Banki sipereka ndalama za malemu chifukwa choti mkazi wabwera ndi khadi. Pamafunika munthu wopatsidwa mphamvu ndi khoti, kaya potsimikiza wilu kapena popereka kalata yoyendetsera chuma ngati wilu palibe. Munthu ameneyo asanagawe kanthu, amayamba walipira zowonongedwa pa maliro ndi ngongole za malemu.

Apa ndi pamene kusiyana kwa njirazi kumaoneka bwino. Ngongole ndi K1,500,000, kubanki kuli K900,000. Pakusowa K600,000, ndiye njinga yamoto iyenera kugulitsidwa. Mwini ngongole sangakhudze K11,000,000 ya penshoni, ndipo K3,000,000 ija yapita kale kwa mayi a malemu. Koma tinene kuti mayiwo anamwalira chaka chatha, bamboyo sanasinthe dzina. Ndalama ya inshulansi yalowa m'chuma cha masiye, ndalama zonse zakwana K3,900,000, ngongole yachotsedwa, patsala K2,400,000 tisanachotse zolipira kukhoti ndi kwa loya ngati alipo. Njinga yapulumuka, koma K600,000 ya inshulansi yapita ku ngongole pamodzi ndi K900,000 ya kubanki ija. Chinthu china choti banja lifunse msanga: ngongole zambiri za kubanki zimakhala ndi inshulansi yakeyake imene imafafaniza ngongole wobwereka akamwalira. Musathamangire kugulitsa katundu musanafunse kubankiko ngati ngongoleyo inali nayo.

Wilu ikakhalapo, yolembedwa, yosayinidwa ndi mwini wake pamaso pa mboni ziwiri zimene nazonso zasayina, nyumba imapita kumene iye ananena. Ngakhale zili choncho, khoti likhoza kuthandiza mkazi kapena mwana amene wasiyidwa pa mavuto chifukwa wilu yamudumpha. Wilu ikapanda kukhalapo, lamulo ndilo limagawa, osati mwambo. Olandira ndi mkazi kapena mwamuna, ana, ndi amene ankadalira malemu. Choyamba ndi kuwateteza kuti asavutike. Wamasiye amasunga katundu wa m'nyumba mwake, monga mipando, ziwiya ndi zofunda. Zotsala zimagawidwa pakati pa wamasiye, ana ndi makolo a malemu, ndipo mwa anawo wamng'ono amayenera kupeza chochulukirapo kuposa wamkulu, chifukwa ulendo wake ukadali wautali. Ana a ukwati woyamba ndi ana ndithu, gawo lawo silinathe ndi ukwati wa mayi awo. Mchimwene kapena malume amene sankadalira malemu alibe gawo pamene mkazi ndi ana alipo, ndipo kutenga katundu mwamphamvu ndi mlandu wa kulanda chuma cha masiye, womangitsa.

Nanga munthu wamoyo asankhe njira iti? Sikuti asankhe imodzi n'kutaya zina, chifukwa pepala lililonse lili ndi malire ake. Fomu ya penshoni singagawe nyumba. Wilu singagawe penshoni. Bambo wathu akanalemba mu wilu kuti "penshoni yanga yonse ipite kwa mkazi wanga" pamene fomu yovomerezeka ikunena zina, matrasiti akanatsata fomu. Chimene munthu angasankhe ndi chakuti cholinga chilichonse achiike pa pepala loyenera.

Maganizo anga ndi awa. Ndalama ya sukulu ya ana idutse pa fomu ya penshoni, m'mayina a anawo, chifukwa kumeneko ndi kumene kuli mpanda wolimba, ngongole sizifikako ndipo womulera sangaitenge yonse tsiku limodzi. Kholo lokalamba, kapena m'bale wolumala amene mumamusamala, muikeni pa inshulansi yanu kapena mumupatse gawo lomveka pa fomu ya penshoni, osadalira kuti mkazi wanu adzamukumbukira kapena kuti abale adzamumvera chisoni. Nyumba ndi galimoto zilembedwe mu wilu, makamaka pa banja la ana a mimba ziwiri, pakuti nyumba imodzi sigawika bwino pakati pa mayi wa mwana wa zaka zitatu ndi mnyamata wa zaka 19 amene si wake. Kulola dala kuti inshulansi igwere m'chuma cha masiye kuli ndi nzeru pa nkhani imodzi yokha: pamene muli ndi ngongole yaikulu yopanda inshulansi yake, ndipo mukufuna kuti ibwezedwe popanda kugulitsa nyumba. Kupatula apo, mukungoitumiza ndalamayo njira yaitali, yodutsa kukhoti.

Ndipo polemba mapepala atatuwa, muziwaona pamodzi. Munthu amene wapatsa mkazi wake gawo lalikulu pa penshoni, n'kumulembanso pa inshulansi, n'kumusiyiranso nyumba, wasiya ana a ukwati woyamba ndi mkwiyo umene udzathere kukhoti. Amene wapereka nyumba kwa mkazi ndi mwana wamng'ono angachite bwino kukweza gawo la ana akuluwo pa fomu ya penshoni. Kulinganiza kumeneku palibe trasiti kapena woweruza amene angakuchitireni, popeza aliyense amaona pepala lake lokha.

Pali zinthu zingapo zoti wantchito aone sabata ino. Pemphani kwa abwana kapena ku kampani yosunga penshoni kope la fomu imene ili mu fayilo yanu, muone deti lake. Ngati munakwatira kapena kusudzulana pambuyo pa deti limenelo, fomuyo ndi yakufa. Ngati mwabereka mwana pambuyo pake, fomuyo ikhoza kukhala yamoyo koma mwanayo palibepo. Onkhetsani magawo, akwane 100. Mayina alembedwe monga alili pa chiphaso cha unzika kapena pa chikalata cha kubadwa, chifukwa kuno munthu mmodzi amakhala ndi dzina la kusukulu, la kutchalitchi ndi la mfunda, ndipo kusiyana kwa dzina kumaimitsa malipiro. Onaninso sitetimenti ya penshoni ngati ndalama zikulowadi mwezi ndi mwezi. Alipo mabwana amene amadula 5 peresenti ija pa malipiro koma osaitumiza, ndipo banja limadzazindikira maliro atachitika kale. Inshulansi ya kuntchito ija nayonso imayendera ntchitoyo: mukasiya ntchito, K4,800,000 ya m'chitsanzo chathu palibenso, chimatsala ndi thumba la penshoni lokha.

Kwa amene aferedwa kale, pepala loyamba ndi chikalata cha imfa chochokera ku bungwe la NRB, chimene amachilondola ku ofesi ya Disi. Imfa ikachitikira kumudzi, nkhani imayambira kwa mfumu. Pangani makope angapo, pakuti matrasiti, kampani ya inshulansi, banki ndi khoti aliyense adzafuna lake. Kenaka pitani kuntchito kwa malemu mukafunse mafunso atatu: thumba la penshoni lili ndi kampani iti, fomu ilipo ndipo ndi ya liti, inshulansi ya kuntchito ndi ya ndalama zingati. Musasayine pepala lopereka mphamvu kwa m'bale kuti akulandirireni ndalama za penshoni, chifukwa olembedwa pa fomu amalipidwa okha. Matrasiti kapena kampani ya inshulansi ikakhala chete kapena ikagawa mosakomera, yambani mwadandaula kwa iwo molemba kalata ndipo musunge kope. Zikakanika, dandaulolo mulitengere kwa woyang'anira mabungwe a zachuma ku Banki Yaikulu ya dziko lino, amene amayang'anira makampani a penshoni ndi a inshulansi omwe. Mkangano wa nyumba, njinga ndi ndalama za kubanki ndiwo wopita nawo kwa Disi, kwa Adiminisitireta Jenerale kapena kukhoti, ndipo amene alibe ndalama ya loya akhoza kupempha thandizo ku ofesi ya boma yothandiza anthu osauka pa milandu.